Kuphunzitsa kompyuta kuona malire a minda kuchokera kumwamba

Pa chithunzi chojambulidwa ndi ndege kapena dironi, munthu amaona msanga pomwe munda wina wathera ndipo wina wayambira. Kompyuta siona munda. Imangolandira timadontho ta mitundu, totchedwa mapikiseli, ndipo imafunika kugamula pa kadontho kalikonse ngati kali pa malire kapena ayi.

Pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi U-Net. Anaipanga mu 2015 Olaf Ronneberger, Philipp Fischer ndi Thomas Brox a pa yunivesite ya Freiburg ku Germany, ndipo za ulimi sanali kuziganizira n'komwe. Ankafuna kulekanitsa maselo ogundana pa zithunzi za maikulosikopu. Koma vuto lawo ndi lomweli la minda: zinthu ziwiri zofanana zagundana, ndipo chozilekanitsa ndi kamzere kopyapyala.

Tinene kuti katswiri ali ndi chithunzi chomwe pikiseli imodzi ikuimira masentimita 50 pansi. Amachidula m'zidutswa za mapikiseli 256 m'litali ndi 256 m'lifupi, kutanthauza malo a mamita 128 mbali iliyonse. Chidutswacho chimalowa ku dzanja lamanzere la U n'kutsika masitepe anayi. Pa sitepe iliyonse pulogalamu imachisefa pofuna mizere ndi kusiyana kwa mitundu, kenako imachichepetsa ndi theka: 128, 64, 32, mpaka 16. Pansi penipeni kadontho kamodzi kakuimira mamita 8. Apa pulogalamu imazindikira zikuluzikulu, kuti uku ndi munda, uku ndi mudzi, uku ndi dambo. Koma kanjira ka mita imodzi kolekanitsa chimanga ndi mtedza kasowa kale.

Luso lonse lili pa kubweza kanjirako. Dzanja lamanja la U limakulitsanso chithunzi sitepe ndi sitepe kufika pa 256, ndipo pa sitepe iliyonse limalandira mwachindunji zomwe dzanja lamanzere linaona pa msinkhu womwewo, zisanachepetsedwe. Zochokera pansi zimanena kuti pano pali malire, zodutsa chopingasa zimaloza pikiseli yeniyeni yomwe malirewo adutsa. Milumikizo yopingasayi ikachotsedwa, malire amatuluka otakata ndi osalongosoka ngati inki yofalikira pa pepala lonyowa.

Pulogalamuyi imaphunzira pa zitsanzo zomwe anthu ajambulapo malire pamanja, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsika. Chidutswa chathu chili ndi mapikiseli 65,536. Ngati malire onse m'menemo atalika mamita 600 ndipo ajambulidwa ndi mzere wa mapikiseli awiri m'lifupi, akwana mapikiseli 2,400 okha, osafika anayi pa 100 alionse. Pulogalamu yongoyankha kuti "palibe malire" paliponse ingakhoze 96 pa 100, chonsecho sinapeze munda ngakhale umodzi. N'chifukwa chake katswiri wodziwa ntchito sakhulupirira nambala imeneyi. Pophunzitsa, amakulitsa chilango cha kuphonya pikiseli ya malire, monga anachitira a ku Freiburg pa mipata ya pakati pa maselo. Poyesa, amawerenga minda: ingati yatuluka yathunthu, ingati yaphatikizana, ingati yang'ambika pawiri. Mpata wa mapikiseli ochepa pa mzere ndi wokwanira kusandutsa minda iwiri kukhala umodzi.

Pofuna kutseka mipata yotere, François Waldner ndi Foivos Diakogiannis mu 2020 anaphunzitsa mtundu wina wa U-Net kupereka mayankho atatu nthawi imodzi: pomwe pali munda, pomwe pali malire, ndi kutalika kwa pikiseli iliyonse kuchokera pa malire. Ntchitoyi anaichita pa zithunzi za satelayiti za minda ya ku South Africa. Yankho limodzi likafooka, ena awiriwo amalichirikiza.

Zitsanzo zambiri zophunzitsira zimachokera ku mayiko monga France ndi Netherlands, komwe boma limasunga mapu a minda ndipo aliyense atha kuwatenga. Pulogalamu yophunzira kumeneko imazolowera minda yaikulu ya mbewu imodzi ndi malire owongoka. Ku Malawi minda yambiri siposa hekitala imodzi, chimanga chimasakanizidwa ndi nyemba kapena nandolo, mtengo wa mango umaphimba ngodya, ndipo nthawi zina malire amangodziwika poti mizere yasintha kolowera. Pa zithunzi za satelayiti ya Sentinel-2, pomwe pikiseli ndi mamita 10, malire oterewa saoneka. Ngakhale pa zithunzi za dironi, pulogalamu imafunika kuiphunzitsanso ndi minda ya kuno, yojambulidwa ndi anthu oidziwa, ndi kuiyesa pa dera lomwe sinalionepo, chifukwa zidutswa zoyandikana zimafanana kwambiri moti zimabisa kulephera kwake.

Mzere womwe U-Net imajambula ndi malire a zolimidwa chaka chimenecho, osati a umwini. Mlimi mmodzi atha kugawa munda wake patatu, ndipo abale awiri atha kulima chimanga mogundana popanda chizindikiro chooneka kumwamba. Za mwini malo zimafunabe eni minda, amfumu ndi oyeza malo kuyenda pansi.