Batala, Uci ndi Ciponde pa Buledi

Munthu wocokera ku Minga, m'dziko la Ansenga pakati pa Petauke ndi Nyimba, adziwa bwino uci wa m'chire ndi ciponde cosinja ndi nshawa. Akafika ku migodi kapena m'tauni apezanso batala, majarini ndi jamu m'masitolo. Zonsezi zipakidwa pa buledi, koma mphamvu zimene zipatsa thupi sizilingana ai.

Mphamvu ya cakudya iyesedwa ndi muyeso wochedwa kalori. Cidutswa cimodzi ca buledi wouma cili ndi makalori ngati 80. Kasupuni ka tiyi kosasefukira ka batala kapena majarini kali ndi makalori 35, ka ciponde 30, ndipo ka uci kapena jamu 20. Ambiri ayesa kuti cozuna ndico cinenepetsa koposa, koma si tero. Galamu imodzi ya mafuta ipatsa makalori 9, pamene ya shuga ipatsa 4 okha, ndiponso mu uci ndi jamu muli madzi.

Komabe cinthu cacikulu ndi dzanja la wopakayo. Tinene kuti amuna awiri adya zidutswa zinai ali yense m'mawa. Woyamba apaka kasupuni kamodzi ka batala pa cidutswa ciri conse. Cidutswaco cikhala ndi makalori 115, ndipo zonse zinai 460. Waciwiri apaka timasupuni titatu ta batala, naonjeza tiwiri ta jamu pamwamba pace. Cidutswa cace cifika pa makalori 225, ndipo zinai 900. Onse awiri adzati, "Ndadya zidutswa zinai zokha," koma waciwiriyo wapambana mnzace ndi makalori 440, monga ngati wadya zidutswa zina zisanu ndi theka za buledi wouma. Batala yekhayo waposa buledi amene anapakidwapo.

Kucindikala kwace kudziwika motere. Ngati timaenje ta buledi tionekabe pansi pa batala, wapakidwa pang'ono. Ngati mano asiya cizindikiro m'batala poluma, wacuruka. Buledi wotentha anyenga maso, pakuti batala asungunuka nalowa m'kati, ndipo munthu apakanso kaciwiri. Ciponde naco cimamatira pa supuni, kotero kuti kasupuni kounjika kakhoza kulingana ndi tiwiri kapena titatu tosasefukira.

Kodi tsono woyenera kupaka mocindikala ndani? Munthu wogwira nchito yolemetsa pansi pa mgodi afuna makalori 3,000 kapena kuposapo pa tsiku, ndipo iye ndi mwana woonda apindula ndi ciponde, cifukwa cili ndi zomanga thupi zimene batala, uci ndi jamu zilibe. Koma kalaliki wokhala pa mpando tsiku lonse safuna zambiri cotere. Zotsalazo thupi lizisunga monga mafuta, ndipo kunenepa kopitirira kuitana nthenda ya shuga ndi ya kuthamanga kwa mwazi. Iyeyu ayambe wayesa ndi kasupuni asanagwire mpeni.