Mmene webusaiti imalandirira zithunzi ndi zikalata mosamala

Webusaiti iliyonse imene imalola anthu kutumiza chithunzi kapena chikalata imakhala ikulandira fayilo kuchokera kwa munthu wosadziwika n'kuisunga pa kompyuta yake, imene imatchedwa seva. Mwachitsanzo, koleji ingapemphe ofuna malo kuti atumize chithunzi cha nkhope ndi satifiketi ya PDF. Ambiri amatumizadi zimenezo, koma munthu wa zolinga zoipa akhoza kutumiza pulogalamu yobisika.

Ngozi yake imachitika motere. Munthuyo amatumiza fayilo yotchedwa `chithunzi.php`, ndipo webusaiti yosasamala imaiika mu foda ya `/var/www/html/uploads`, imene aliyense angaifikire pa intaneti. Kenako iye amalemba adiresi ya fayiloyo. Seva ikaona dzina lothera ndi `.php`, siionetsa fayiloyo ngati chithunzi koma imachita zimene zalembedwamo. Apa ndiye kuti mlendo uja wayamba kulamula seva, ndipo angawerenge mayina ndi zikalata za onse amene anafunsira malo.

Chitetezo choyamba ndi malire a kukula. Popanda malire, mafayilo akuluakulu angadzaze malo osungira mpaka webusaiti kuima. Chithunzi cha nkhope sichifunika kupitirira mamegabaiti 2, ndipo satifiketi imakwana m'mamegabaiti 5. Malirewa ayenera kuikidwa pa seva, chifukwa chenjezo la pa tsamba lokha ndi losavuta kulilambalala. Mu PHP zimenezi zimalembedwa chonchi:

```
upload_max_filesize = 5M
post_max_size = 6M
```

Nambala yachiwiri imakulirapo pang'ono chifukwa imawerenga fayilo pamodzi ndi zonse zolembedwa pa fomu. Seva ya nginx ili ndi malire akeake, `client_max_body_size`, amene amayambira pa megabaiti imodzi, ndipo fayilo ikapitirira pamenepo wotumiza amaona nambala 413.

Komabe kulemera kwa fayilo sikunena zonse. Chithunzi cha mtundu umodzi wokhawokha chimapanikizika kwambiri, moti cha mapikiselo 20,000 m'litali ndi 20,000 m'lifupi chikhoza kudutsa malire aja bwinobwino. Pochitsegula, pikiselo iliyonse imafuna mabaiti 4, zimene zikukwana magigabaiti 1.6, ndipo seva yaing'ono imakomoka nthawi yomweyo. N'chifukwa chake utali ndi ufupi wa chithunzi ziyenera kuwerengedwa chisanatsegulidwe chonse.

Chachiwiri ndi kutsimikiza mtundu wa fayilo. Dzina silodalirika, pakuti aliyense angalisinthe. Ngakhale `Content-Type`, uthenga wonena mtundu umene umabwera limodzi ndi fayilo, umachokera kwa wotumiza yemweyo. Chimene chimathandiza ndi kuyang'ana mabaiti oyambirira: JPEG imayamba ndi `FF D8 FF`, PNG ndi `89 50 4E 47`, ndipo PDF ndi `%PDF-`. Webusaiti iyenera kukhala ndi mndandanda waufupi wa mitundu yololedwa n'kukana ina yonse. Kulemba mndandanda wa zoletsedwa kumalephera, chifukwa woletsa `.php` amaiwala `.phtml`. Mtundu wa SVG ndi bwino kuukana pa fomu yotereyi, popeza ungakhale ndi malamulo a JavaScript mkati.

Kuyang'anaku nakonso kuli ndi polekezera. Fayilo ikhoza kuyamba ngati JPEG yeniyeni koma n'kubisa malamulo chakumapeto. Njira yabwino ndi kuchitsegula chithunzicho n'kuchilembanso mwatsopano, choyambacho n'kuchitaya. Kutero kumachotsanso zimene foni imalemba m'chithunzi, monga malo amene chinajambulidwira, nkhani yofunika ndithu kwa munthu amene anajambulira pakhomo pake. Pulogalamu yolembanso zithunziyo iyenera kukonzedwa nthawi ndi nthawi: mu 2016 munapezeka vuto mu ImageMagick limene linkalola chithunzi chokonzedwa mwachinyengo kulamula seva.

Chitetezo champhamvu koposa ndi malo osungira, chifukwa chimagwirabe ntchito ngakhale zinazo zitalephera. Fayilo imaikidwa kunja kwa foda imene seva imaonetsa kwa anthu, monga mu `/srv/mafayilo`, kapena pa kompyuta ina yosungira zinthu basi. Kumeneko kulibe adiresi yoifikira, choncho `chithunzi.php` ija imangokhala phee. Dzina limene wotumiza anapereka siligwiritsidwa ntchito posunga, chifukwa dzina lokhala ndi `../../` lingatulutse fayilo m'foda yake n'kukafufuta ina yofunika. Seva imapanga dzina lake losatheka kulilota, ndipo loyamba lija limalembedwa padera.

Wogwira ntchito ku koleji akafuna satifiketi, pempho lake limadutsa m'pulogalamu imene imayamba yaona ngati ali ndi chilolezo. Ikatero imawerenga fayiloyo n'kuitumiza pamodzi ndi `Content-Disposition: attachment`, kuti isungidwe m'malo motsegulidwa pa tsamba, ndi `X-Content-Type-Options: nosniff`, kuti pulogalamu yotsegulira intaneti isaganizire yokha mtundu wake. Poyesa ngati zonse zili bwino, woyang'anira webusaiti amatuluka mu akaunti yake n'kulemba adiresi ya satifiketi ina. Ikatseguka, ndiye kuti zikalata za ophunzira zili poyera.