Mfundo ya nambala yochepetsetsa: njira ina yotsimikizira zinthu m'masamu

Gulu lililonse la nambala zowerengera, monga 1, 2, 3 ndi kumapitirira, limakhala ndi nambala imodzi yochepa kuposa zonse, bola gululo lisakhale lopanda kanthu. Akatswiri a masamu amaitenga mfundo imeneyi ngati maziko. Imaoneka yosafuna kufotokoza, koma sigwira paliponse. Pa nambala zotsika kupyola 0, monga −1, −2, −3, palibe yochepetsetsa. Mafulakishoni oposa 0 nawonso alibe, popeza iliyonse ikagawidwa pakati pamatuluka ina yocheperapo. Nambala zowerengera zimasiyana ndi zimenezi chifukwa pansi pa iliyonse pali nambala zowerengeka chabe: wotsika kuchokera pa 50 sangatsike mpaka kalekale.

Njira yodziwika yotsimikizira kuti mfundo ndi yoona pa nambala zonse ndi indakishoni. Wotsimikiza amaonetsa kuti mfundoyo ndi yoona pa 1, kenako kuti ikakhala yoona pa nambala ina, ndi yoonanso pa nambala yotsatira. Zili ngati kukwera makwerero, phazi lililonse kudalira lomwe laponda kale.

Mfundo ya nambala yochepetsetsa imayambira kwina. Wotsimikiza amayerekeza kuti zilipo nambala zimene zikukana mfundoyo. Ngati zilipodi, ndiye kuti pakati pawo pali yochepetsetsa, imene ingatchedwe m. Phindu lagona apa: nambala zonse zochepera m zikuvomera mfundoyo, apo ayi m sikanakhala yochepetsetsa. Chotsala n'kuonetsa kuti m nayonso ikuvomera, kapena kuti pali ina yokana yocheperapo. Zikatero kuyerekeza kuja kwadzitsutsa, ndipo nambala zokana kulibe.

Nambala za pulayimu zimaonetsa bwino mphamvu ya njirayi. Zimenezi ndi nambala zoposa 1 zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zomwe basi, monga 2, 3, 5, 7. Mfundo ndi yakuti nambala iliyonse yoposa 1 ndi pulayimu, kapena imapezeka pochulukitsa mapulayimu. Indakishoni wamba imavutika pano. Kudziwa kuti 59 ndi pulayimu sikuthandiza chilichonse pa 60, chifukwa 60 imachokera pa 6 ndi 10, osati pa 59.

Tsono m ikhale yochepetsetsa mwa zokana. Singakhale pulayimu, chifukwa pulayimu ikuvomera kale. Choncho m = a × b, pomwe a ndi b ndi zoposa 1 komanso zochepera m. Pokhala zochepera m, zonse ziwiri ndi mapulayimu kapena zimapezeka pochulukitsa mapulayimu. Kuika mapulayimu a a pamodzi ndi a b kukupereka m, monga mmene 6 = 2 × 3 ndi 10 = 2 × 5 zimaperekera 60 = 2 × 3 × 2 × 5. Motero m ikuvomera mfundo imene imayenera kukana. Umboni watha, ndipo sipanafunike kudziwa kuti a ndi b ndi nambala ziti kwenikweni.

Polakwira penipeni ndi potsika. Wina anganene kuti n² + n sigawika ndi 2 pa nambala yowerengera iliyonse, n'kupereka umboni wotere: m ikhale yochepetsetsa mwa zokana, ndiye m − 1 ikuvomera, kutanthauza kuti (m − 1)² + (m − 1), yomwe ndi m² − m, sigawika ndi 2, kuwonjezerapo 2m kukupereka m² + m, yomwenso sigawika ndi 2, choncho zokana kulibe. Kuwerengetsaku kulibe vuto, komabe mfundoyo ndi yabodza, popeza 1² + 1 = 2. Cholakwika n'chakuti yokana yochepetsetsa ndi 1 yomweyo, ndipo m − 1 ikukhala 0, yomwe ili kunja kwa nambala zimene zikukambidwa. Woyesa umboni wotere ayenera kufunsa nthawi zonse ngati nambala yotsikirako ikadali m'gululo. Sitepe yoyamba ya indakishoni sinachoke ayi, yangobisala.

Kunena zoona, njira ziwirizi n'zofanana mphamvu: chimene chatsimikizidwa ndi imodzi chingalembedwenso ndi inzake, ndipo indakishoni yamphamvu, yodalira nambala zonse zam'mbuyo, imakwanitsanso umboni wa mapulayimu uja. Kusankha kumatengera vuto. Pa kuphatikiza kwa 1 + 2 + … + n = n(n + 1)/2, indakishoni ndiyo yachidule, chifukwa n imachokera pa n − 1 mwachindunji. Pamene nambala yaing'ono yodalirika sikudziwikiratu, kapena pofuna kuonetsa kuti chinthu sichingatheke, kuyambira pa yochepetsetsa kumayenda bwino. Pierre de Fermat, katswiri wa ku France amene anamwalira mu 1665, ankagwiritsa ntchito kaganizidwe kotsikaka: poonetsa kuti yankho lililonse limabala lina locheperapo, zimatsimikizika kuti x⁴ + y⁴ = z² ilibe yankho pa nambala zowerengera.