Mtengo ukaboola mzere: ndi zenizeni kapena wangosuzumira?

Achinyamata ambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre tsopano ali ndi MetaTrader pafoni, ndipo chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene amaphunzira ndi kujambula mzere pa tchati. Mtengo wa golide kapena wa dola ukamakwera, suyenda molunjika. Umakwera, nkutsikako pang'ono, nkukweranso. Mukalumikiza malo amene unatsikira nkubwerera, mumapeza mzere wopendekeka umene ukukwera kunsi kwa mtengo. Mzere umenewu ndi uja mumaupeza pa pulogalamu ndi dzina loti `Trendline`. Malinga ngati mtengo uli pamwamba pake, amalonda amati ulendo wokwera ukupitirira.

Vuto limabwera tsiku limene mtengo watsika nkudutsa mzerewo. Munthu amaona kandulo yofiira italowa kunsi, mtima nkugunda, nkugulitsa msangamsanga. Pakapita maola atatu mtengo wabwerera pamwamba ndipo ukuthamanga kuposa kale, iye ndalama yapita. Zimandipweteka kuona anthu akutaya ndalama mwanjira imeneyi, chifukwa nthawi zambiri zizindikiro zinalipo, koma sanadikire kuti zioneke.

Choyamba tivomerezane kuti mzere uja munajambula ndinu. Msika sukuudziwa. Munthu wina ku London walumikiza michira ya makandulo, wina ku Johannesburg walumikiza matupi ake, ndipo mizere yawo ikusiyana ndi madola angapo. Choncho malo amene inu mukuti mtengo waboola, kwa mnzanu sunafikeko nkomwe. Nchifukwa chake mzere ndi bwino kuuona ngati kadera kokhala ndi m'lifupi, osati ulusi woonda. Komanso mzere wodutsa pa malo awiri okha ndi maganizo chabe, pakuti malo awiri alionse angalumikizike. Umayamba kukhulupirika mtengo ukaukhudza kachitatu nkubwerera. Mzere umene mtengo waulemekeza kwa miyezi iwiri pa tchati cha `D1` ukathyoka, imakhala nkhani. Umene mwajambula m'mawa uno pa `M5` ukhoza kubooledwa kangapo dzuwa lisanalowe popanda tanthauzo lililonse.

Nanga nchifukwa chiyani mtengo umakonda kudumpha mzere pang'ono nkubwerera? Ganizani za anthu amene anagula pamene mtengo unkakwera. Ambiri a iwo amaika `Stop Loss` kunsi pang'ono kwa mzere womwewo, poti aliyense akuuona. `Stop Loss` ya munthu amene anagula ndi lamulo loti agulitse. Mtengo ukangofika pamenepo, malamulo onsewo amagwira nthawi imodzi, ndipo mtengo umagwa mofulumira. Amalonda akuluakulu amene akufuna kugula zambiri amasowa ogulitsa, ndipo apa awapeza ochuluka pa mtengo wotsika. Akagula, kugwa kuja kumatha, mtengo nkubwerera. Chotsala pa tchati ndi mchira wautali wolendewera kunsi kwa mzere. Sikuti pali munthu amene akusaka ka akaunti kanu ka madola 50. Ndi mmene msika umayendera pamene malamulo ambiri aunjikana pamodzi.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, cha golide pa tchati cha tsiku ndi tsiku, chimene pa pulogalamu chimalembedwa `XAUUSD`. Tsiku loyamba la malonda mtengo wafika pansi pa madola 2,300 nkukwera. Tsiku la 21 watsikanso, koma walekeza pa 2,340. Mukalumikiza malo awiriwa, mzere ukukwera ndi madola awiri tsiku lililonse. Tsiku la 36 mtengo wakhudza 2,370, ndendende pa mzere, nkubwereranso. Apa tili ndi mzere woti tingaudalire.

Tsiku la 46 mzere uli pa 2,390. Masana mtengo ukugwa mpaka 2,378, madola 12 kunsi kwa mzere. Amene akuyang'ana foni nthawi imeneyo akuona kandulo yayikulu yofiira, ndipo akulumbira kuti golide watha. Koma kandulo ya tsiku siinatseke. Pofika usiku mtengo wakwera, ndipo tsikulo likutha pa 2,396. Thupi la kandulo lili pamwamba pa mzere, kunsi kwangotsala mchira. Mbuzi yasuzumira pampanda, koma miyendo yonse ikadali m'khola. Masiku asanu otsatira golide akufika pa 2,450.

Phunziro lalikulu lili pamenepa, ndipo ndi lakale. Robert Edwards ndi John Magee, m'buku lawo la 1948 lonena za matchati a masheya, ankayang'ana mtengo wotsekera, osati malo amene mtengo wangofikako pakati pa tsiku. Mtengo wotsekera ndi umene amalonda avomera kugona nawo. Ife kuno tiyenera kudziwa nthawi yake. Makampani ambiri a folekisi amatseka kandulo ya tsiku pa 5 koloko madzulo ku New York, imene ku Malawi ndi 11 koloko usiku kuyambira mu Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi yotsalayo ndi 12 koloko usiku. Ngati mzere wanu munaujambula pa `D1`, chigamulo chimabwera nthawi imeneyo. Kuujambula pa `D1` nkumakaweruza pa `M15` ndi kudzinamiza.

Tibwerere kwa golide wathu. Tsiku la 56 mzere wafika pa 2,410, ndipo ulendo uno tsiku likutha pa 2,392. Kandulo yatsekera kunsi. Funso lachiwiri ndi lakuti, yatsekera patali bwanji? Edwards ndi Magee ankagwiritsa ntchito mlingo wa pafupifupi 3 peresenti. Pa masheya a nthawi yawo unkathandiza, koma pa golide wa 2,410 ndiye kuti mudikire madola 72, ndipo pa ndalama ngati `EURUSD` 3 peresenti ukhoza kukhala ulendo wa masabata angapo. Njira imene ndimaona kuti ndi yanzeru ndi kuyeza ndi mayendedwe a chinthucho. Pa pulogalamu pali chida chotchedwa `ATR`, chimene J. Welles Wilder anachifotokoza mu 1978. Chimakuuzani kuti mtengo umayenda mtunda wotani pa kandulo imodzi, potengera makandulo 14 apitawo. Tinene kuti chikuonetsa madola 24. Amalonda ena amafuna kuti mtengo utsekere kupitirira theka la mtunda umenewu, apa ndi madola 12. Ife tili pa madola 18 kunsi kwa mzere, ndiye mlingo wakwana. Ukanatsekera pa 2,407 sindikanaupatsa ulemu, pakuti madola atatu golide amawayenda m'mphindi zochepa. Theka limeneli si lamulo lochokera kumwamba. Chofunika nchakuti musankhe mlingo wanu mtengo usanafike pa mzere, osati mtima uli m'malere.

Tsiku la 57 likutha pa 2,385. Masiku awiri otsatizana kunsi kwa mzere ndi umboni wina umene mabuku akale a matchati amautchula. Kuboola kwabodza nthawi zambiri sikuchedwa kuonekera: mtengo umabwerera m'kandulo yomweyo kapena yotsatira.

Koma apa mpamene anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Mzere kuthyoka sikutanthauza kuti mtengo wayamba ulendo wotsika. Kungangotanthauza kuti kukwera kwachepa liwiro, kapena kuti mtengo uyenda cham'mbali kwa mwezi wathunthu. Popeza mzere uja ukukwera tsiku ndi tsiku, mtengo ukangoima malo amodzi, mzere umaupeza nkuudutsa wokha popanda wogulitsa aliyense wamphamvu. Victor Sperandeo, wamalonda wa ku America, m'buku lake la 1991 anapereka masitepe atatu, ndipo kuthyoka kwa mzere ndi loyamba chabe. Lachiwiri, mtengo uyese kukweranso nkulephera kupitirira nsonga yake yakale. Lachitatu, utsike kupyola malo otsika omaliza.

Tione mmene zikuchitikira pa tchati chathu. Tsiku la 60 golide akukwera mpaka 2,414. Mzere wakale tsopano uli pa 2,418, pamwamba pa mtengo. Ogula akulephera kufikanso pa mzere, ndipo 2,450 ili kutali. Kandulo ikutseka yofiira, ndi mchira woloza kumwamba. Mzere umene unkaunyamula mtengo wasanduka denga. Kenako tsiku la 64 likutha pa 2,366, kunsi kwa 2,378 ija, pamene ogula anaupulumutsa mtengo pa tsiku la 46. Anthu amene anagula pamenepo tsopano ali m'madzi, ndipo akagulitsa kuti athawe, akuwonjezera mphamvu ya kutsika. Apa ndi pamene ndinganene ndi mtima wonse kuti ulendo wokwera watha.

Ena adzakuuzani kuti muyang'anenso kuchuluka kwa malonda. Pa masheya zimathandiza, poti msika umalemba chiwerengero chenicheni cha masheya amene agulitsidwa. Pa folekisi palibe msika umodzi wowerengera zonse, ndipo chimene MetaTrader imaonetsa kawirikawiri ndi kuchuluka kwa maulendo amene mtengo wasintha kwa kampani yanuyo. Musachidalire kwambiri. Chimene chili chothandiza ndi kalendala. Lipoti la ntchito la dziko la America limatuluka kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi, pa 2:30 kapena 3:30 masana nthawi ya kuno, malinga ndi nyengo. M'mphindi zimenezo mtengo ukhoza kuboola mzere nkubwerera musanamalize nkomwe kulemba lamulo lanu.

Kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo nkoyenera kuutchula. Amene anagulitsa pa tsiku la 56 analowa pa 2,392. Amene anadikira sitepe yachitatu analowa pa 2,366, madola 26 kumbuyo. Nthawi zina mtengo subwereranso kudzayesa mzere. Umangogwa, wodikira uja nkutsala akuyang'ana. Ndipo ngakhale zonse zitakwanira, kandulo itatseka patali, masiku awiri atadutsa, nsonga italephereka, mtengo ukhoza kutembenuka chifukwa cha mawu amodzi a banki yayikulu ya ku America. Zizindikiro zimenezi zimachepetsa kupusitsidwa, koma sizikuthetsa.

Nchifukwa chake musanalowe muyenera kudziwa malo amene adzakuuzeni kuti zalephereka. Amene wagulitsa pa 2,366 aika `Stop Loss` pamwamba pa nsonga ya tsiku la 60, tinene pa 2,422, mtunda wa madola 56. Kwa makampani ambiri, loti ya 0.01 pa golide ndi aunsi imodzi, ndiye kuti madola 56 amenewo ndi ndalama yeniyeni imene ingapite. Pa akaunti ya madola 100 ndi kuposa theka. Mzere wathyoka ndithu, koma munthu wa akaunti yotere malonda amenewa ayenera kuwasiya adutse.