Kutsika kwa mtengo wa thirakitala: njira ziwiri zowerengera

Thirakitala, chigayo, pampu yothirira kapena ngolo zimayamba kutha tsiku lomwe zayamba ntchito, ndipo mtengo wake umatsika chaka ndi chaka ngakhale mwini wake atazisamala bwanji. Owerengera ndalama salemba mtengo wonse wa chipangizo chotere ngati ndalama zowonongeka m'chaka chomwe chagulidwa. Amaugawa pa zaka zonse zimene chipangizocho chigwire ntchito, kuti zokolola za chaka chilichonse zisenze gawo lake. Ndandanda yosonyeza kagawidweka imalembedwa m'njira zingapo, koma zofala ndi ziwiri. Ina imachotsa ndalama zofanana chaka chilichonse, ina imachotsa peresenti imodzimodzi pa mtengo wotsala.

Kuwerengera kusanayambe pamafunika zinthu zitatu. Choyamba ndi mtengo wogulira, womwe umaphatikiza ndalama zonse zimene zalowa kuti chipangizo chifike pamunda n'kuyamba ntchito, monga zonyamulira, msonkho wapachipata ndi zolipira amisiri ochimanga. Zinazo ndi zaka zimene mwini akuyembekeza kuchigwiritsa ntchito, ndi ndalama zimene angadzapeze pochigulitsa zakazo zikatha. Ziwirizi n'zongoyerekeza, ndipo zikalakwika ndandanda yonse imalakwika, ngakhale masamu ake atakhala olondola.

Mwachitsanzo, kopaletivi ya alimi a soya yagula thirakitala, ndipo zonse pamodzi zakwana K64 miliyoni. Mamembala agwirizana kuti aigwiritse ntchito zaka 4, kenako aigulitse pa K20 miliyoni. Ndiye kuti ndalama zoti zigawidwe pa zaka zinayizo ndi K44 miliyoni.

Pa njira ya ndalama zofanana, K44 miliyoni imagawidwa kanayi, ndipo chaka chilichonse chimatenga K11 miliyoni. Palibenso china chowerengera. Msungichuma wa kopaletivi angathe kuzichita pamtima, n'chifukwa chake njirayi ndi imene ambiri amayamba kuiphunzira.

Njira ya mtengo wotsala imafuna kudekha. Kopaletivi ikasankha 25 peresenti, chaka choyamba imachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a K64 miliyoni, yomwe ndi K16 miliyoni, ndipo m'buku mumatsala K48 miliyoni. Chaka chachiwiri peresentiyo siiwerengedwanso pa mtengo wogulira, koma pa K48 miliyoni yotsalayo, ndipo imapereka K12 miliyoni. Zimapita choncho, chochotsa chikucheperachepera. Manambala onse m'ndandandamu ndi mamiliyoni a makwacha.

| Chaka | Zofanana: chochotsa | Zofanana: chotsala | 25 peresenti: chochotsa | 25 peresenti: chotsala |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 11 | 53 | 16 | 48 |
| 2 | 11 | 42 | 12 | 36 |
| 3 | 11 | 31 | 9 | 27 |
| 4 | 11 | 20 | 6.75 | 20.25 |

Mzere womaliza ukusonyeza kuti njira ziwirizi zathera pafupifupi pamodzi. Peresenti ya 25 sinatoledwe mwachisawawa, inasankhidwa kuti ifikitse mtengo pafupi ndi K20 miliyoni. Ndalama zonse zimene njira ziwirizi zachotsa n'zofanana pafupifupi. Chasiyana ndi nthawi yochotsera. M'chaka choyamba njira ya peresenti imachepetsa phindu lolembedwa ndi K5 miliyoni poyerekeza ndi inzakeyo, koma m'chaka chachinayi imalikweza ndi K4.25 miliyoni. Kumene mamembala amagawana phindu pakutha pa chaka, nkhaniyi si ya papepala chabe, chifukwa membala wotuluka chaka chachiwiri ndi wolowa chaka chachitatu salandira zofanana pa njira ziwirizi.

Kusiyanaku kumaonekera bwino thirakitala ikagulitsidwa nthawi isanakwane. Kopaletivi itaigulitsa pa K40 miliyoni pakutha pa chaka chachiwiri, buku la ndalama zofanana, lomwe likusonyeza K42 miliyoni, lilemba kuti yaluza K2 miliyoni. Buku la peresenti, lomwe likusonyeza K36 miliyoni, lilemba phindu la K4 miliyoni. Wogula ndi mmodzi, ndalama zolandira ndi zomwezo. Kuwonkhetsa zonse, buku loyamba lachotsa K22 miliyoni kuwonjezera K2 miliyoni, lachiwiri lachotsa K28 miliyoni kuchotsapo K4 miliyoni, ndipo onse apeza K24 miliyoni. Zimene thirakitala yadya m'zaka ziwirizo ndi zomwezo. "Phindu" kapena "kuluza" kwa tsiku logulitsa kumangokonza zimene ndandanda inayerekeza mopereŵera kapena mopitirira.

Posankha njira, funso ndi lakuti chipangizocho chimatha motani. Malamulo a dziko lonse osungira mabuku a ndalama, otchedwa IAS 16, amalola njira zonse ziwiri. Amafuna kuti njirayo igwirizane ndi mmene chipangizo chikupindulira mwini wake, ndiponso kuti njira, zaka ndi mtengo wodzagulitsira ziunikidwe chaka chilichonse. Nkhokwe yachitsulo, shedi, mpanda ndi mapaipi othirira zimagwira ntchito mofanana kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza, choncho ndalama zofanana zimaziyenera. Makina a injini ndi osiyana. Mtengo wa thirakitala pamsika umagwa kwambiri m'zaka zoyamba, pamene ndalama zokonzetsa zimakwera ikamakalamba, matayala, jekete, mapampu ndi injini zikayamba kufuna mmisiri. Njira ya peresenti imaika chochotsa chachikulu m'zaka zimene zokonzetsa n'zochepa, ndi chochotsa chaching'ono m'zaka zimene zokonzetsa zachuluka, kotero katundu wa chaka chilichonse amakhala wolinganako.

Zolakwika zambiri zimachitikira pa njira ya peresenti. Ena amayamba achotsa K20 miliyoni ija asanaike peresenti, ndipo chaka choyamba amapeza K11 miliyoni m'malo mwa K16 miliyoni. Ena amaika 25 peresenti pa mtengo wogulira chaka chilichonse, ndipo pakutha pa zaka zinayi thirakitala yoyenda bwinobwino imalembedwa kuti ilibe mtengo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona, pakuti chochotsa chikamafanana zaka ziwiri zotsatizana, imeneyo sinjiranso ya mtengo wotsala. Komanso thirakitala yogulidwa patatsala miyezi 3 kuti chaka cha mabuku chithe imatenga gawo la miyezi itatuyo basi, ndiye kuti K2.75 miliyoni pa njira yoyamba kapena K4 miliyoni pa yachiwiri.

Ndandanda imathandizanso poika mtengo wa hayala. Thirakitala ikagwira maola 800 pachaka, K11 miliyoni ija imatanthauza K13,750 pa ola lililonse, dizilo, dalaivala ndi zokonzetsa zisanawerengedwe. Wolimira anzake pamtengo wongobweza dizilo ndi malipiro a dalaivala amakhala akudya thirakitala yake pang'onopang'ono osadziŵa. Pa ntchito imeneyi njira ya ndalama zofanana ndi yabwino, chifukwa alimi sangamvetse kuti hayala ikhale yokwera chaka chino n'kudzatsika thirakitala ikakalamba.

Pali zinthu ziwiri zimene ndandanda siingachite. Siiwerengera msonkho, popeza bungwe la MRA lili ndi malamulo akeake a ndalama zololedwa kuchotsa pa zipangizo, ndipo zimenezi zimawerengedwa padera. Siisunganso ndalama zodzagulira thirakitala ina. Kulemba K11 miliyoni m'buku sikuika tambala ku banki, ndipo ngakhale ndalamazo zitasungidwadi, zimakhala zowerengedwa pa mtengo wakale. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makina ochokera kunja anakwera mtengo motsatira. Kopaletivi yofuna kudzagula thirakitala ina iyenera kutsekula thumba lapadera, ndipo ndalama zoikamo iziwerengere pa mtengo wa thirakitala yatsopano wa chaka chimenecho.