Bando ikutha nyimbo zikadali mkati? Onani pomwe yathera

Titenge telala amene amatsegula shopu yake 8 koloko m'mawa, n'kulumikiza foni ku kasipika, nyimbo n'kumalira mpaka 4 koloko madzulo. Wagula bando ya 1GB Lolemba, Lachiwiri masana yatha. Amayamba kudandaula kuti amubera, chonsecho nkhani yagona pa kukula kwa nyimbo zimene foni ikukoka pa intaneti.

Kukulako amakuyeza mu kbps. Mukachulukitsa nambalayo ndi 0.45 mumapeza ma MB amene apite pa ola limodzi. Pa Spotify, mu Settings muli posankha mamvekedwe a nyimbo mukamagwiritsa ntchito data ya pafoni. Low ndi pafupifupi 24 kbps, kutanthauza 11MB pa ola. Normal ndi 96 kbps, ndiye 43MB. High ndi 160 kbps, yomwe imadya 72MB.

Telala wathuyu ali pa High, choncho maola 8 akumudyera 576MB patsiku. Akatsitsira pa Normal, bando yomweyo imufikitsa masiku atatu. Pa Low imupirira masiku oposa 11. Zoona, pa Low mawu amamveka opyapyala, ndipo wa mahedifoni abwino azindikira msanga. Koma pa kasipika ka m'shopu, makina osokera akuphokosera pambali, kusiyanako ndi ndani angakumve? Ine ndimakana kusiya pa Automatic, chifukwa netiweki ikakhala yamphamvu apu imadzisankhira yokha mamvekedwe apamwamba, inu osadziwa.

Komabe ambirife timabwereza nyimbo zomwezomwezo, ndiye kulipira data tsiku ndi tsiku n'kungotaya ndalama. Nyimbo 100 za mphindi zinayizinayi, mukazichita dawunilodi pa Normal, zimatenga pafupifupi 290MB kamodzi kokha. Chitani zimenezi pa Wi-Fi kapena pa bando ya usiku, yomwe imakhala yotchipa. Pa Spotify nyimbo zimasungika kwa okhawo olipira Premium, ndipo foni iyenera kulowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30, apo ayi nyimbozo zimachoka. Audiomack imalola kusunga nyimbo zambiri osalipira. Mukamaliza, zimitsani data n'kuyesa kuyimba. Nyimbo ikakana, ndiye kuti sinasungike ndipo mukadapitiriza kuikoka pa bando.

Wailesi ndi nkhani ina, chifukwa zimene zikuulutsidwa pompopompo simungazisungiretu. Siteshoni youlutsa pa 128 kbps imadya 58MB pa ola, ya 64 kbps imadya theka lake. Mbale wathu ali ku Joni amene akufuna nkhani za kumudzi alibe kuchitira mwina, angosankha mlingo wotsika ngati siteshoniyo yapereka mwayiwo. Koma munthu ali ku Lilongwe, akumvera Zodiak kapena MBC pa intaneti, ayambe waona ngati foni yake ili ndi FM Radio. Imeneyo siifuna data ngakhale pang'ono, imangofuna mahedifoni a waya, chifukwa wayayo ndiye eriyo yake.