Tchipisi chikamwa mafuta, vuto ndi moto

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Ntcheu. Chaka chatha ndinatenga ngongole ku banki m'khonde n'kugula chiwaya kuti mphwanga, yemwe anangokhala atalemba mayeso a Fomu 4, azikazinga tchipisi pamsika wathu. Mbatatesi kuno si yosowa, imabwera kuchokera ku Tsangano ndi ku Lizulu, ndiye ndinkaona ngati phindu ndi lachidziwikire. Koma mwezi woyamba tinangogwira ntchito yogulira mafuta. Chigubu cha malita asanu chinkatha msanga, tchipisi chathu chinali cholobodoka, ndipo jumbo yoikamo inkatsala ndi mafuta pansi. Makasitomala ankatidutsa n'kukaima pa chiwaya cha bambo ena achikulire chapafupi.

Tsiku lina Loweruka ndinadzichepetsa n'kukakhala pa benchi ya bambowo. Ataona momwe mphwanga ankachitira, anaseka n'kunena kuti: "Aphunzitsi, mnyamata wanuyu sakukazinga ayi, akuviika mbatata m'mafuta ofunda." Mawu amenewo anandikumbutsa zomwe ndimaphunzitsa ndekha m'kalasi koma sindinaziganizire pa chiwaya.

Mbatatesi yaiwisi ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo anayi mwa asanu. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene mafuta okazingira amatentha kuposa pamenepo. Mukaponya mbatata m'mafuta otentha bwino, madzi a kunja kwake amasanduka nthunzi n'kumatuluka mwamphamvu. Thovu ndi phokoso lomwe timamva pa chiwaya ndi nthunzi imeneyo, si mafuta akuwira. Nthunzi ikamatuluka mwamphamvu, mafuta amavutika kulowa, ndipo kunja kwa tchipisi kumauma n'kupanga kachikhungwa kokhukhuta. Mafuta akakhala ofunda chabe, nthunzi imatuluka mwaulesi, kachikhungwa kamachedwa kupangika, ndipo tchipisi chimakhalitsa m'chiwaya mpaka kunona.

Apa ndi pomwe mphwanga ankalakwitsa. Ankadikira ndithu kuti mafuta atenthe, koma kenaka ankakhuthulira beseni lonse la mbatata yonyowa m'chiwaya nthawi imodzi. Mbatata yozizira yochuluka choncho imalanda kutentha kwa mafuta, ndipo moto wa nkhuni umatenga nthawi kuti ubwezeretse. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: phokoso limayamba lalikulu, kenaka n'kuzilala, mafuta n'kungoti phee. Lero lamulo lathu ndi lakuti pa malita awiri a mafuta tisapitirire theka la kilogalamu ya mbatata, ndipo tchipisi chizitha kuyandama momasuka osapanikizana.

Chachiwiri chomwe ndinaphunzira n'chakuti tchipisi chabwino chimakazingidwa kawiri. Moto umodzi sungagwire bwino ntchito ziwiri. Mukayamba ndi mafuta otentha kwambiri, kunja kumapserera m'kati muli mwauwisi. Mukagwiritsa moto wochepa mpaka mapeto, m'kati mumapsa koma kunja kumakhala kolobodoka. N'chifukwa chake akatswiri a pa chiwaya amakankhira tchipisi chakupsa pang'ono m'mphepete, n'kuchibwezera pakati pa mafuta kasitomala akafika. Kale ndinkaganiza kuti amangochitenthetsa.

Ife timachita motere. Timasenda mbatata n'kuidula mofanana, kunenepa kwake pafupifupi sentimita imodzi, ngati chala chaching'ono. Zidutswa zikasiyana, zoonda zimapserera zonenepa zisanapse. Timaitsuka m'madzi ozizira kawiri kapena katatu mpaka madzi atasiya kuyera ngati a mpunga. Kuyerako ndi ufa wa mbatata, ndipo ukatsalira umamatanitsa tchipisi n'kumapserera m'mafuta. Tikatero timaitsanulira m'lichero n'kuipukuta ndi nsalu yoyera mpaka iume. Madzi otsalira amaziziritsa mafuta komanso amathethetsa mafuta otentha m'manja ndi kumaso.

Ulendo woyamba mafuta akhale pa madigiri pafupifupi 150, ndipo tchipisi chikhalemo mphindi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Cholinga apa ndi kupsetsa m'kati basi. Chikatuluka chikhale chotuwa, chosafiira, koma chofewa moti mukachifinya ndi zala chiphwanyike. Chiyalikeni chizizire kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, kuti nthunzi ichoke ndipo kunja kuume. Ulendo wachiwiri sonkhezani moto mafuta afike pa madigiri 180 mpaka 190. Apa mphindi ziwiri kapena zitatu zakwana, tchipisi chifiire pang'ono ndipo chizimveka kuuma mukachigwedeza ndi chipande.

Mwina mukufunsa kuti madigiri amenewa muwadziwa bwanji kumudzi. Nanenso ndinafuna kubwereka choyezera kutentha cha ku labu ya sukulu, koma chija chimalekezera pa madigiri 110 ndipo m'mafuta chikanasweka. Bambo aja anandionetsa njira yawo. Ponyani kachidutswa kamodzi ka mbatata. Kakamira n'kukhala pansi mwakachetechete, mafuta sanatenthe. Kakatulutsa thovu laling'ono mofatsa n'kukwera pang'onopang'ono, yambani ulendo woyamba. Kakachita phokoso nthawi yomweyo n'kuyandama msanga thovu lili ponseponse, mafuta akwana ulendo wachiwiri. Mukaona utsi ukufuka m'mafuta, mwapyola. Phulani nkhuni zina mudikire, chifukwa mafuta ofuka utsi aonongeka ndipo amapereka fungo lowawa.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti mafuta ambiri amalowa m'tchipisi chikatuluka kale m'chiwaya. Chikayamba kuzizira, nthunzi ya m'kati imabwerera kukhala madzi, ndipo timibowo tomwe inasiya timakoka mafuta omwe ali kunja. Choncho mukangovuula, gwedezani tchipisi m'sefa ya waya chikadali chamoto kuti mafuta agwe asanalowe. Musachiunjike, musachivindikire, ndipo musamange jumbo pakamwa, chifukwa nthunzi yotsekeredwa imafewetsa kachikhungwa kaja. Mchere thirani pomaliza. Kabichi ndi tomato ikani pambali, osati pamwamba, ngati wogula akukadyera kutali.

Pali zinthu ziwiri zomwe moto wabwino sungakonze. Choyamba ndi mbatata yokhala ndi shuga wambiri, monga yokumbidwa isanakhwime kapena yosungidwa mu filiji. Imeneyi imada msanga m'kati musanapse, ndipo imakhala yolobodoka ngakhale mutatsata zonse. Sankhani yokhwima, yolimba, ya khungu losasupuka mukalitikita ndi chala. Chachiwiri ndi mafuta otopa. Akada, akayamba kunanda, kuchita thovu losatha kapena kufuka utsi pa moto wochepa, nthawi yawo yatha. Kuwasefa madzulo aliwonse atazizira kumawatalikitsa moyo, chifukwa tizinyenyeswa totsalira ndi tomwe timapserera n'kuwadetsa.

Ndisaiwale za ngozi. Ngati mukukazingira m'poto kunyumba, mafuta asapitirire theka la poto, chifukwa amafufuma mukaponyamo mbatata. Akagwira moto musathire madzi, moto umalumpha. Vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo n'kuchotsa nkhuni.

Mphwanga poyamba ankadandaula kuti kukazinga pang'onopang'ono kuchedwetsa makasitomala. Tsopano amakazinga ulendo woyamba m'mawa anthu asanachuluke, ndipo wogula akafika amangodikira mphindi zitatu. Chigubu cha mafuta chikukhalitsa kuposa kale, ndipo ngongole ija ndinamaliza kubweza. Bambo aja akadutsa amatola kamodzi, n'kukathyola pafupi ndi khutu kuti amve ngati kakulira, kenaka amagwedeza mutu n'kubwerera ku chiwaya chawo.